“Mkazi wanga wabwera”: pomwe macheza a pantchito amasandukira nkhanza

Maule ndi Manoma akakumana pa bwalo la Kamuzu kumathero a sabata, Lolemba lake ntchito m'maofesi a mu Blantyre imayamba mochedwerako. Amene timu yake yagonja amamuchingamira pageti pomwe: “Neba, mwadzuka bwanji? Tiyi alowa koma?” Mlonda amagemula akauntanti, mesenjala amagemula bwana, ndipo palibe amene amathamangira kukadandaula. Mawu ena amene amatuluka pamenepo ndi owawa ndithu, koma amene akugemulidwayo akudziwa kuti magulu awiriwa adzakumananso, tsiku lake lidzafika. Chomwe chikunyozedwa ndi timu imene iye adasankha yekha, si thupi lake kapena banja lake. Ndipo akatopa nazo n'kunena kuti “basi, zakwana”, palibe chimene ataye.

Macheza oterewa ndi ofunika pantchito, ndipo sindingakondwe kuona maofesi athu atasanduka malo amene anthu akuopa kuseka. Vuto n'lakuti pali mtundu wina wa macheza umene kunja kwake umafanana ndi awa, anthu akuseka chimodzimodzi, koma mkati mwake muli munthu mmodzi amene sangabwezere ndiponso sangaletse. Malire a nthabwala ndi nkhanza ali pamenepo. Sali pa kukula kwa mawu, ndipo sali mumtima mwa woseketsayo.

Kwathu kusereulana kuli ndi mwambo wake. Asuweni amatchulana mwamuna ndi mkazi, amalandana zinthu, amanenana zimene mlendo atazimva angaganize kuti pabuka ndewu. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wamkazi “mkazi wanga”, agogo aakazi n'kumati mdzukulu wamwamuna ndiye mwamuna wawo. Alamu nawo ali ndi kachezedwe kawo. Koma ufulu umenewu superekedwa kwa aliyense. Umachokera pa ubale wodziwika ndi mudzi wonse, mbali zonse ziwiri zimaloledwa kuponya, ndipo pali akuluakulu amene amadzudzula wina akapitirira muyeso. Mwambo womwewo umaletsa kuchita nthabwala zotere ndi apongozi. Choncho makolo athu ankadziwa bwino lomwe kuti mawu omwewo akhoza kukoma pakati pa anthu awiri, n'kukhala mwano woopsa pakati pa awiri ena.

Pantchito anthu amatenga mawu a chisuweni, ubale wake n'kuusiya kumudzi. Bambo amene amasaina fomu yako ya tchuthi si msuweni wako. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi, chongoyerekeza koma cha mtundu umene ambiri auonapo, tichitsate kuyambira poyambira.

Mtsikana wamaliza maphunziro ake ndipo walembedwa ngati kalaliki mu sitolo yosungira katundu ya kampani ina ku Makata. Mu sitolomo muli amuna ambiri, akazi ndi owerengeka. Woyang'anira ndi bambo wamkulu, wa msinkhu wa bambo ake omubereka, wodziwika kuti ndi wansangala. Sabata yoyamba, mtsikanayo akalowa m'mawa, bamboyo amakweza mawu: “Anyamata, imirirani, mkazi wanga wabwera.” Onse amaseka, naye amamwetulira n'kupita pa desiki yake. Pamenepa sindinganene kuti nkhanza zachitika kale. Anthu ambiri olankhula chonchi amakhala akufuna kuti mlendo amasuke, ndipo atsikana ena amayankha bwinobwino kuti “Bambo, lobola yake simungaikwanitse”, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene bamboyo ayenera kuchidziwa kuyambira tsiku loyamba. Mtsikanayu ali pa nthawi yoyesedwa. Lamulo la za ntchito la 2000 limalola kuti munthu wa luso akhale pa nthawi yoyesedwa mpaka miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawi imeneyi mgwirizano wa ntchito ukhoza kuthetsedwa popanda notisi. Amene adzalembe lipoti loti mtsikanayu akhazikike kapena ayi ndi bambo yemweyo. Ndiye kumwetulira kwake sikukutiuza chilichonse. Mwina zikumusangalatsa, mwina akuwerenga miyezi imene yatsala komanso lendi ya nyumba ku Ndirande. Munthu amene chakudya chake chili m'manja mwako akaseka nthabwala yako, usathamangire kuganiza kuti wavomera.

Pofika mwezi wachiwiri nthabwala ija yasintha nkhope. Bamboyo tsopano akumati, “Siketi ya lero ndiye mwandiganizira, mayi akunyumba.” Anyamata onyamula katundu atengera, akumutcha “alamu”. Tsiku lina wachedwa chifukwa cha minibasi, wina n'kufunsa mokweza ngati abwana adamugoneka mochedwa. Pa gulu la WhatsApp la sitoloyo, lomwe adalitsegula kuti azidziwitsana za malole obweretsa katundu, wina waponyapo chithunzi chake atawerama kuwerenga makatoni, pansi pake atalemba mawu oti “katundu wa abwana”. Palibe amene wamukhudza. Palibe amene wamufunsira. Aliyense mwa anthuwa mutamufunsa angalumbire kuti akungocheza, ndipo ena mwa iwo akunena zoona.

Koma taonani zimene zasintha. Poyamba nthabwala inali pa ukwati wongopeka, tsopano ili pa thupi lake ndi pa zogonana. Poyamba anali munthu mmodzi, tsopano ndi gulu lonse pa munthu mmodzi, ndipo palibe tsiku limene wina amakhala pamoto m'malo mwake. Iye sangabwezere, chifukwa mtsikana wa msinkhu wake sanganene za thupi la bambo wamkulu pagulu popanda kutchedwa wamwano. Zizindikiro zikuonekanso pa iye mwini kwa amene akufuna kuona. Wasiya kudyera limodzi ndi anzake masana, akumadya ali pa desiki. Wayamba kuvala zovala zikuluzikulu zobisa thupi ngakhale kukutentha kwa Okutobala. Akafuna siginecha ya woyang'anira akumadikira mpaka mu ofesimo mukhale munthu wina. Pa gulu la WhatsApp lija sakuyankhanso. Munthu amene akusangalala ndi macheza amayandikira pomwe pali machezawo, ndipo nthawi zina amawayambitsa yekha. Uyu akukonza tsiku lake lonse mozemba anthu amene akuti akucheza naye.

Kenaka limafika tsiku limene iye amalimba mtima. Amadikira ena atuluke, n'kunena mwaulemu: “Bambo, ndimakulemekezani ngati kholo langa. Zoti mkazi wanu zija sizikundisangalatsa, ndipo anyamatawa atengerapo mwayi. Ndikupempha kuti zithe.” Yankho la bamboyo ndi limene limaonetsa chimene chinali pansi pa nthabwala ija. Munthu amene ankangocheza amadzidzimuka, mwina amachita manyazi, amati “Pepa mwana wanga, sindimadziwa”, ndipo mawa lake amaletsa anyamata aja. Nthabwala yeniyeni sivuta kuisiya. Koma pali yankho lina limene timalimva kawirikawiri: “Iii, ndiye simudziwa kucheza. Kuno timakhala ngati banja. Mwayamba kudzimva eti?” Mawa lake moni wasowa, tchuthi chimene adapempha chakanidwa, zolakwika zazing'ono za m'kaundula zimene kale ankangokonza ayamba kuzilemba m'kalata. Zikatere funso loti kaya anali macheza kaya ayi latha. Munthu akulangidwa chifukwa chokana.

Malamulo a dziko lino adaika malire pamalo omwewa. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, mu gawo 6, limati munthu wapalamula mlandu ngati achita khalidwe lililonse lokhudza zogonana limene winayo sakulifuna, kaya ndi mawu, zizindikiro kapena kukhudza thupi, pomwe munthu woganiza bwino, poona zonse zozungulira nkhaniyo, akadadziwiratu kuti winayo akhumudwa, anyazitsidwa kapena achita mantha. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu.

M'mawu amenewa muli zinthu zimene anthu ambiri pantchito sazidziwa. Lamuloli silifunsa ngati wolankhulayo ankafuna kupweteka mnzake, choncho “ndimangocheza” si chitetezo. Silidaliranso mtima wa wodandaula wokha, ngati kuti aliyense wosachedwa kupsa mtima angamangitse mnzake. Likufunsa zimene munthu wanzeru zake akadaona atakhala pamalopo: msinkhu wa awiriwo, udindo wa wina pa mnzake, kuti mawuwo adanenedwa pagulu, kuti mtsikanayo adasiya kuseka, kuti adapempha kuti zithe. Silinena kuti mpaka munthu akhudzidwe thupi, ndiye chithunzi cha pa WhatsApp chija ndi mawu a siketi aja zikulowa momwemo. Silitchulanso kuti zichitike kangati. Nthabwala yopepuka imafika poipa ikamabwerezedwa winayo atakana, koma pali mawu ena ndi kugwira kwina kumene kamodzi kokha n'kokwanira, chifukwa palibe munthu wanzeru amene angayembekezere kuti mnzake azilandira. Ndipo lamuloli limateteza amuna ndi akazi mofanana. Mnyamata amene wangoyamba ntchito, amayi akuluakulu a mu ofesi n'kumamusisita pachifuwa akufunsa ngati adakhwima, nayenso ali ndi poyambira, ngakhale anzake angamuseke kuti mwamuna sadandaula zotere.

Pambali pa lamuloli, malamulo a milandu ya upandu ali ndi mlandu wakale wonyoza ulemu wa munthu wamkazi ndi mawu, phokoso kapena zizindikiro, ndipo lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa makina a kompyuta ndi mafoni limaletsa kuzunza munthu kudzera m'njira zimenezi. Amene amaganiza kuti za pa gulu la WhatsApp ndi zapadera chifukwa adazitumiza usiku ali kunyumba akudzinamiza. Anthu a pa gululo ndi omwewo amene mtsikanayo akumane nawo m'mawa.

Tsono mtsikana wa ku Makata uja achite chiyani? Chinthu choyamba n'kulemba. Nkhani zoterezi zimagwa chifukwa pofika pozikamba zimamveka zazing'ono: “amanditchula mkazi wawo”. Womvera amayamba kumwetulira. Mphamvu yake ili pa kuchuluka ndi kakulidwe kake, ndipo zimenezi zimaoneka pokhapokha zitalembedwa motsatana. Asunge kabuku kunyumba, osati mu diresa ya ku ofesi, ndipo tsiku lililonse pakachitika kanthu alembe deti, nthawi, malo, mawu enieniwo monga adanenedwera ngakhale ali olaula, ndi mayina a amene adalipo. Mauthenga a pa foni awajambule nthawi yomweyo deti ndi nambala ya wotumiza zikuoneka, asanafufutidwe ndi mwini wake. Asatuluke pa gululo asanachite zimenezi. Tsiku limene adapempha bamboyo kuti asiye ndi lofunika koposa. Ngati angathe atsatize ndi uthenga waufupi wolembedwa, wonena kuti monga adakambirana lero, akupempha kuti mawu aja asiyidwe. Asungenso malipoti a kagwiridwe kake ka ntchito, kuti ngati makalata a chenjezo ayamba kubwera pambuyo pa tsiku limenelo, aliyense aone pomwe zinthu zidatembenukira.

Sikuti munthu amayenera kuyamba wakumana ndi womuzunzayo maso ndi maso. Ena sangathe, ndipo pomwe pali kuopsezedwa kapena kugwiridwa thupi si nzeru kutero. Gawo 7 la lamulo la 2013 lija limalamula boma kuonetsetsa kuti olemba anthu ntchito ali ndi ndondomeko yothana ndi khalidweli, yopatsa aliyense mwayi wodandaula ndi kutsimikiziridwa kuti wolakwa alangidwa, ndiponso yosankha munthu amene sali pamzere wa mabwana a wodandaulayo woti n'kukamuuza mwachinsinsi. Mfundo yomalizayi ndi imene makampani ambiri amaiphonya. Buku la malamulo a kampani likamati dandaulo lililonse liyambire kwa woyang'anira wako, mtsikana wathu uja ndiye kuti akasume kwa bambo yemweyo. Afufuze ngati kampani yake ili ndi munthu wotere. Ngati palibe, apite ku ofesi yoona za ogwira ntchito kapena kwa woimira bungwe la ogwira ntchito, apereke dandaulo lolembedwa, ndipo asunge kope yake yosainidwa kuti yalandiridwa.

Chimene chimalakwika kawirikawiri pamenepa n'chakuti akuluakulu amaitenga ngati nkhani ya kusamvana. Amaitana onse awiri m'chipinda chimodzi, bamboyo amati “ndi mwana wanga uyu”, amawauza kuti agwirane chanza, ndipo mtsikanayo ndi amene amasamutsidwira ku nthambi ya ku Limbe “kuti mitima izizire”. Anyamata otsala aja aphunzirapo kuti wodandaula ndiye amachoka. Kufufuza koyenera kumamva aliyense payekha, kumafunsa mboni popanda woyang'anirayo kukhalapo, kumaona mauthenga, ndipo pa nthawi yonseyi lipoti la kukhazikika kwa mtsikanayo limachotsedwa m'manja mwa wodandauliridwayo. Bamboyo nayenso ali ndi ufulu wake, ndipo ndikuuona kuti ndi wofunika. Lamulo la za ntchito limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Kampani ikathamanga n'kumuchotsa popanda kumumva ikhoza kukagonja kukhoti, ndipo zikatero anthu amayamba kunena kuti mtsikana uja adangomunamizira. Si nkhani iliyonse imene imathera pochotsa munthu. Pali chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa, ndi kutsitsidwa udindo, malinga ndi kukula kwa zimene zapezeka.

Za mkati zikakanika, kapena ngati sakuzikhulupirira, sakakamizidwa kudikira. Gawo 7 lomwelo limanena kuti munthu safunika kumaliza njira za pakampani asanapite kupolisi kapena kukhoti. Kupolisi kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC ndi limene lidapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamulo la 2013 likutsatidwa, ndipo limalandira madandaulo. Anthu a mu Blantyre akukumbukira kuti mu 2021 bungweli lidatulutsa lipoti la kafukufuku wake ku MBC, lomwe lidapeza kuti amayi ena ogwira ntchito kumeneko adachitiridwa nkhanza zokhudza zogonana. Ngati zafika poti munthu sangathenso kupirira ndipo wasiya ntchito, gawo 60 la lamulo la za ntchito limaona kusiya koteroko ngati kuchotsedwa, pomwe khalidwe la olemba ntchito lachititsa kuti kukhale kosatheka kuyembekezera munthuyo kupitiriza. Koma wodandaula ndiye ayenera kusonyeza zimenezi, ndipo apa m'pamene kabuku kaja ndi kalata yosainidwa ija zimagwira ntchito, poonetsa kuti kampani idauzidwa ndipo sidachitepo kanthu. Kalata yosiyira ntchito inene chifukwa chenicheni, osati “zifukwa za kunyumba” monga ambiri amalembera pofuna kuchoka mwamtendere. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limayenera kukafika kwa mkulu wa za ntchito wa m'boma pasanathe miyezi itatu, ndipo zikakanika kumeneko limapita ku khoti loona milandu ya za ntchito, lomwe lilipo mu Blantyre momwe muno.

Si kusereula konse kopweteka kumene kumakhudza zogonana. Mu mzinda muno mwadzaza anthu ochokera m'zigawo zonse, ndipo nthabwala za mitundu ndi za tsiku ndi tsiku: kalankhulidwe ka wa kumpoto, zakudya za wa ku Nsanje, dzina la wa ku Mangochi. Pakati pa anthu ofanana amene amaponyerana, zambiri zimatha bwino. Zimaipa pamene Mtumbuka ali mmodzi yekha mu dipatimenti ndipo chilichonse chimene walakwitsa chikumangiriridwa pa mtundu wake, makamaka nyengo ya zisankho. Palinso zina zimene sindikuona kuti zingakhale nthabwala ngakhale pang'ono: kufunsa munthu amene waonda ngati wayamba kumwa mankhwala, kufunsa mayi amene alibe mwana kuti akudikira chiyani, kutchula munthu wachialubino mawu okhudza ndalama m'dziko limene anthu otere aphedwapo. Izi sizigwera mu gawo 6 lija, koma malamulo aakulu a dziko a 1994 amateteza ulemu wa munthu aliyense ndi kuletsa tsankho, ndipo gawo 5 la lamulo la za ntchito limaletsa kusala wogwira ntchito chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ndi zina zotero.

Anthu amene ali ndi mphamvu yaikulu pa nkhani ya ku Makata ija ndi oseka aja. Nthabwala ya pagulu imakhalira moyo phwete la omvera, ndipo ambiri mwa iwo amaseka chifukwa woseketsayo ndi bwana, monga momwe mtsikanayo ankachitira. Mayi wamkulu amene wakhala pakampanipo zaka zambiri, kapena dalaivala wa msinkhu wofanana ndi woyang'anirayo, akhoza kunena zimene mtsikanayo sanganene, ndipo sizifuna msonkhano. “Achimwene, mwanayu musiyeni, ndi msinkhu wa mwana wanu.” Amene amayendetsa gulu la WhatsApp akhoza kufufuta chithunzi chija n'kulemba kuti gululi ndi la malole, atayamba wamuuza mtsikanayo kuti achijambule. Ndipo wofufuza akadzafika n'kufunsa amene adamva mawu a siketi aja, pamafunika munthu mmodzi yekha mwa onse amene adali mu sitolomo woti anene kuti adawamva, atchule tsiku, ndi kusaina.